Lisiti la K46,000 lasanduka K4,600,000: tingazigwire bwanji nambala zotere?

Funso: Ndine mlembi wa gulu la amayi ogula ndi kuyanika nsomba kuno ku Monkey Bay. Malisiti timawajambula pa foni, kenako pulogalamu imawerenga n'kutiikira manambala mu Excel. Mwezi watha lisiti la ayisi la K46,000.00 linalowa ngati K4,600,000, ndipo tinazindikira pa msonkhano mamembala atayamba kale kuloza zala msungichuma. Kodi ndingaike chiyani m'tebulo lathu choti chizindichenjeza nambala ikalowa yachilendo?

Yankho: Mayi, chofunika kuika si chimodzi koma mafunso atatu otsatizana, ndipo onse amakwana m'makolamu asanu ndi limodzi kumanja kwa tebulo lomwe muli nalo kale. Funso loyamba: kodi chomwe chalowachi ndi nambala n'komwe? Lachiwiri: kodi lisitili likugwirizana lokha? Lachitatu: kodi ndalamayi ikuposa kapena kucheperapo kangati poyerekeza ndi zomwe mumalipira nthawi zonse pa katundu yemweyo? Mawu akuti "kangati" muwagwiritsitse, chifukwa kadontho kakasochera sikawonjezera ndalama yakutiyakuti pa nambala. Kamaichulukitsa kapena kuigawa ndi 10, 100 kapena 1,000. Choncho chenjezo labwino limagawa, silichotsera.

Ndilemba ngati tebulo lanu lili motere: kolamu A ndi tsiku, B ndi dzina la katundu, C ndi kuchuluka kwake, D ndi mtengo wa chimodzi, ndipo E ndi ndalama yonse. Ngati lanu lili mwina, mungosintha zilembo m'mafomula.

Tiyambe ndi momwe nambala zimenezi zimawonongekera, poti mukadziwa chiyambi chake mudzazizindikira ndi maso okha. Pa lisiti lonse, chizindikiro chaching'ono kwambiri ndi kadontho kolekanitsa makwacha ndi matambala. Malisiti ambiri a m'mashopu ndi pa filing'i siteshoni amasindikizidwa pa pepala loterera lija lomwe limada ndi kutentha, ndipo ndi dzuwa la ku Mangochi kuno, lisiti likagona m'thumba kapena pawindo la galimoto limayamba kufufutika. Kadontho ndiko kamayamba kusowa. Onjezanipo manja onyowa, mamba a nsomba, ndi chithunzi chomwe WhatsApp yachifinya potumiza. Pulogalamu ikaona 46,000 00 popanda kadontho imalumikiza zonse n'kupanga 4600000. Ndiye kuti nambala yakula ka 100 ndendende, osati ka 97 kapena ka 130. Malisiti olemba pamanja nawo amachita zomwezo pamene wogulitsa walemba kamzere m'malo mwa kadontho, monga K46,000-00.

Palinso njira ina imene ife a boma lino tiyenera kuisamala kuposa anzathu a ku Mzuzu. Katundu wina amalowera pa Chiponde kuchokera ku Mandimba, ndipo ku Mozambique amalemba manambala mosemphana ndi ife: kadontho ndiko kamalekanitsa masauzande, mpatuliro n'kumalekanitsa matambala awo. Lisiti lawo likalemba 1.250,00 likutanthauza 1,250. Pulogalamu yozolowera kalembedwe kathu ikhoza kuwerenga 1.25, nambala n'kuchepa ka 1,000, kapena kuchotsa zizindikiro zonse n'kupanga 125000, nambala n'kukula ka 100. Nambala yochepa ndiye yoopsa kwambiri kwa ine. Ndalama ikakula mopitirira, wina amakuwa pa msonkhano. Ikachepa palibe amakuwa, buku limangooneka kuti gulu lapindula bwino, mpaka tsiku logawana pamene ndalama ya m'manja ikukana kufika pa ya m'buku. Malisiti a kumeneko muwapatsenso kolamu yosonyeza kuti ndi meticais, asasakanikirane ndi makwacha.

Funso loyamba lija n'lachidule. Mu F2 lembani izi n'kukokera pansi:

```
=AND(ISNUMBER(E2),E2>0)
```

Pomwe patuluke FALSE ndiye kuti m'kabokosimo muli mawu, ziro, kapena mulibe kanthu. Izi zimachitika pulogalamu ikasiya K kutsogolo kwa nambala kapena ikawerenga ziro ngati chilembo O. Vuto lake n'lakuti SUM siidandaula ikakumana ndi mawu, imangowadumpha, chiwonkhetso n'kuchepa mwakachetechete. Ngati kolamu yonse yatuluka FALSE, kapena Excel ikukana mafomulawa, yang'anani dziko lomwe kompyuta yanu inaikidwa. Makompyuta ambiri ogulidwa ku Joni amabwera ataikidwa pa South Africa, pomwe matambala amalekanitsidwa ndi mpatuliro ndipo m'mafomula mumalowa ; m'malo mwa mpatuliro. Zimenezo n'zokonza kamodzi mu Region ya Windows.

Funso lachiwiri ndi lamphamvu kuposa onse, ngakhale ambiri amalidumpha pothamangira zowerengera zapamwamba. Lisiti labwino limanena ndalama yomweyo kawiri: kamodzi ngati kuchuluka ndi mtengo wa chimodzi, kachiwiri ngati ndalama yonse. Mu G2 lembani:

```
=IFERROR(E2/(C2*D2),"palibe")
```

Mzere wabwino utulutsa 1, kapena pafupi kwambiri ndi 1, tinene pakati pa 0.99 ndi 1.01 chifukwa cha matambala omwe ogulitsa amataya. Titenge lisiti la petulo wa injini ya boti la mu 2024, pamene lita inali pa K2,530. Malita 20 ndi K50,600.00. Kadontho kakasowa pa ndalama yonse, E2 ikhala 5,060,000 ndipo G2 itulutsa 100. Apa simufunika mbiri iliyonse ya mitengo, pepala ladzitsutsa lokha, ndipo 100 uja akukuuzaniso chomwe chalakwika. Kakasowa pa malita, 20.00 n'kukhala 2000, G2 itulutsa 0.01. Mukaona 1.165 pa lisiti la m'shopu la chaka chomwecho musadzidzimuke, ameneyo ndi msonkho wa VAT wa 16.5 peresenti womwe sunali m'mtengo wa chimodzi. Pa malisiti atsopano yerekezani ndi peresenti yomwe yalembedwa pa lisitilo.

Koma taonani pomwe funsoli limagonja. Ngati kadontho kasowa pa mtengo wa lita komanso pa ndalama yonse, D2 ikhala 253,000, E2 ikhala 5,060,000, ndipo 20 kuchulukitsa ndi 253,000 ndi 5,060,000 ndithu. G2 itulutsa 1 ngati kuti zonse zili bwino. Izi sizachilendo, poti chithunzi chosaoneka bwino chimabisa timadontho tonse nthawi imodzi. Ndiponso malisiti ambiri a ku doko salemba kuchuluka, amangoti ayisi, ndalama yakuti, siginecha. Lisiti lanu lija liyenera kuti linali la mtundu umenewu. N'chifukwa chake tikufunika funso lachitatu, lomwe limayerekeza lisiti ndi anzake a m'mbuyo.

Pano ndikhalitsapo, chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amamanga chenjezo looneka lanzeru koma losagwira ntchito. Maganizo oyamba a aliyense ndi kutenga avereji ya malisiti a ayisi n'kunena kuti yoposa avereji kapena kucheperapo ka 10 ndi yachilendo. Tiyese ndi manambala ongopeka koma ofanana ndi anu. Malisiti asanu ndi anayi a ayisi alowa motere: 42,000, 45,500, 38,000, 47,000, 44,000, 51,000, 4,600,000, 40,500, 43,000. Mukawonkhetsa mupeza 4,951,000, ndipo mukagawa ndi 9 avereji ndi 550,111. Tsopano gawani nambala yolakwikayo ndi avereji: 4,600,000 ikuposa 550,111 ka 8.4 kokha, choncho yadutsa osagwidwa. Malisiti asanu ndi atatu abwinowo ndiye agwidwa onse, poti ngakhale lalikulu la 51,000 likucheperapo pa avereji pafupifupi ka 11. Nambala yolakwika yakoka muyeso womwe umayenera kuiyeza. Zili ngati kupempha mbuzi yomwe yadya chimanga kuti ikhale nawo pa bwalo loweruza mlandu wake.

Wina wophunzira masamu adzakuuzani kuti mugwiritse STDEV, muyeso wa momwe manambala amwazikira, n'kugwira nambala yotalikira avereji katatu kuposa muyeso umenewo. Pa malisiti ochepa njira imeneyi singagwire kanthu ngakhale pang'ono. Masamu ake amaonetsa kuti pa manambala 9, palibe nambala ingatalikire kupitirira 2.67, kaya yakula bwanji, ndipo pa manambala 10 malire ake ndi 2.85. Atatu aja safikika. Gulu ngati lanu, lomwe limagula katundu mmodzi mwina kasanu kapena kakhumi pa mwezi, likhoza kukhala ndi chenjezo limeneli chaka chonse osalimva kulira.

Chomwe chimagwira ntchito ndi nambala ya pakati. Ndandalikani malisiti aja kuyambira laling'ono: 38,000, 40,500, 42,000, 43,000, 44,000, 45,500, 47,000, 51,000, 4,600,000. Lachisanu, lomwe lili pakati penipeni, ndi 44,000. Tsopano bwezeretsani 46,000 yolondola m'malo mwa 4,600,000 n'kundandalikanso. La pakati likadali 44,000. Nambala yolakwika imangokhala kumapeto kwa mzere, kukula kwake sikusuntha wa pakati. Mu Excel imeneyi ndi MEDIAN, ndipo tikufuna ya katundu yekhayo wa pa mzerewo, osati ya tebulo lonse, chifukwa kuyerekeza ayisi ndi lendi ya galimoto yopita ku Limbe n'kopanda tanthauzo. Mu H2:

```
=MEDIAN(FILTER(E$2:E$500,B$2:B$500=B2))
```

Fomula imeneyi imagwira mu Google Sheets ndi mu Excel yatsopano. Ngati yanu ndi yakale ndipo ikutulutsa #NAME?, lembani ili m'munsiyi n'kutsiriza ndi Ctrl+Shift+Enter m'malo mwa Enter yekha:

```
=MEDIAN(IF(B$2:B$500=B2,E$2:E$500))
```

Kenako mu I2 gawani:

```
=E2/H2
```

Pa lisiti lanu I2 itulutsa 104.5, pamene anzake onse ali pakati pa 0.86 ndi 1.16. Simungaliphonye.

Pa katundu yemwe lisiti lake limaonetsa mtengo wa chimodzi, monga petulo, mchere wa m'matumba kapena usipa wa pa ndowa, ndi bwino kuyerekeza kolamu D m'malo mwa E. Ndalama yonse imasintha ndi kuchuluka komwe mwagula, lero malita 10 mawa malita 60, koma mtengo wa lita suyenda choncho. Lisiti la petulo lomwe linazemba funso lachiwiri lija ligwidwa pano, poti 253,000 kugawa ndi 2,530 ndi 100.

Ndiye malire tiike pati? Anthu amakonda kunena 10, poganiza kuti kadontho kamasuntha ndi 10. Koma 10 ndi wokwera kwambiri. Tiyerekeze kuti tsiku lina munagula ayisi wochepa, wa K30,000, ndipo ziro imodzi yawonjezereka n'kukhala 300,000. Kugawa ndi 44,000 kukupereka 6.8, ndiye malire a 10 salira. Ine ndimayambira pa 5 kumwamba ndi 0.2 kumunsi. Chifukwa chake n'chosavuta: ngati ndalama yeniyeni ili pakati pa theka la nambala ya pakati ndi kuwirikiza kwake, kusuntha kulikonse kwa kadontho kudzaiponya kunja kwa malire amenewa. Theka kuchulukitsa ndi 10 ndi 5, ndipo 2 kugawa ndi 10 ndi 0.2. Mu J2:

```
=IF(COUNTIF(B$2:B$500,B2)<5,"CHATSOPANO",IF(OR(I2>=5,I2<=0.2),"ONANI",""))
```

Mbali yoyamba ya fomulayi musaichotse. Katundu yemwe waoneka kamodzi kokha m'tebulo, nambala yake ya pakati ndi iye mwini, choncho I2 itulutsa 1 ngakhale atalakwika ka 1,000. Kufikira atakwana mizere isanu, aliyense wa iwo aonedwe ndi munthu. Apa ndi pomwenso kalembedwe ka mayina kamapweteka. Ngati mzere wina walembedwa ayisi, wina ayezi, wina madzi oundana, ndipo wina uli ndi mpata wosaoneka kumapeto, kompyuta iona katundu wa mitundu inayi, aliyense ndi mbiri yake yaifupi. Gwirizanani mayina khumi kapena makumi awiri omwe gulu limagula, muwalembe pa tsamba lina, ndipo kolamu B izisankha kuchokera pamenepo kudzera mu Data Validation. Ntchito yotopetsa imeneyi imathandiza kuposa fomula iliyonse yomwe ndalemba pano.

Malire a 5 si a katundu aliyense. Mtengo wa petulo pa filing'i siteshoni umalengezedwa ndi MERA ndipo susintha tsiku ndi tsiku, choncho pa kolamu D kusiyana kwa 10 peresenti kokha n'koyenera kale kufunsidwa. Mchere ndi matumba mungawaike pa 3. Usipa ndi utaka muwasiye pa 5, chifukwa mukudziwa nokha momwe ndowa imakwerera mwera ukawomba mu June ndi July asodzi osalowa m'madzi, kapena mwezi ukawala nyali zosakoka nsomba, ndi momwe imagwera tsiku lomwe maboti onse abwera odzaza. Ndinganene kuti muyambe ndi 5 pa zonse kwa mwezi umodzi, kenako mufinye pa katundu yemwe mwaona kuti sasunthasuntha.

Pali chinanso chomwe chimakalambitsa mbiri ya mitengo. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mu May 2022 inali itatsitsidwa kale ndi 25 peresenti. Tebulo lomwe lili ndi malisiti a zaka zitatu lidzapereka nambala ya pakati ya mitengo yomwe kulibenso. Zikatero malisiti onse atsopano amaoneka okwera kawiri kapena katatu, ndipo choipa n'chakuti lisiti lomwe lachepa ka 10 likhoza kutulutsa 0.25 n'kudutsa. Ndi bwino kuyerekeza ndi masiku 90 apitawo okha. Fomula ya H2 isintha motere:

```
=MEDIAN(FILTER(E$2:E$500,(B$2:B$500=B2)*(A$2:A$500>=A2-90)*(A$2:A$500<=A2)))
```

Izi zimafuna kuti kolamu A ikhale ndi madeti enieni, osati mawu ooneka ngati madeti, ndipo ISNUMBER yomweyo ikuuzani. Ngati zikukuvutani, njira yapafupi ndi kutsegula tsamba latsopano miyezi itatu iliyonse n'kukoperamo malisiti a mwezi womaliza kuti likhale ndi poyambira.

Kolamu yomaliza ndi yokuthandizani kudziwa chomwe mukukafuna musanatulutse lisiti m'bokosi. Nambala yachilendo ikhoza kukhala yoona, koma ikakhala kuti yaposa anzake pafupifupi ka 10, ka 100 kapena ka 1,000, kadontho ndiko koyamba kukayikiridwa. LOG10 imangowerenga kuti nambala ili ndi makhumi angati ochulukitsana: ya 10 ndi 1, ya 100 ndi 2, ya 0.01 ndi -2. Ya 104.5 ndi 2.02, pafupi kwambiri ndi 2. Mu K2:

```
=IF(J2="ONANI",IF(ABS(LOG10(I2)-ROUND(LOG10(I2),0))<0.15,"KADONTHO",""),"")
```

0.15 ameneyo akutanthauza kuti chilichonse cha pakati pa 7 ndi 14, kapena 71 ndi 141, ndi zotero kumunsi komwe, chilembedwa KADONTHO. Mzere wolembedwa ONANI wopanda KADONTHO, tinene woposa anzake ka 30, nthawi zambiri umakhala vuto lina: katundu waikidwa dzina lolakwika, pulogalamu yatola nambala ya lisiti kapena ya foni m'malo mwa ndalama, kapena ndalama za dziko lina zalowa ngati makwacha.

Pofika apa mudzayesedwa kuti muwonjezere fomula yokonza yokha, yoti ikaona KADONTHO izigawa ndi 100. Ndikukuletsani. Tsiku lina gulu lidzagula injini ya boti kapena firiji, ndipo wolemba adzaiika pa dzina lomwe mumaikapo zokonzetsa zing'onozing'ono. Ndalama ya mamiliyoni idzaposa anzake ka 100 moona, fomula n'kuidula kukhala masauzande, ndipo palibe adzadziwe poti chenjezo lidzakhala litadzizimitsa lokha. Tebulo lizingoloza, wokonza akhale munthu amene wagwira pepala m'manja. Ikani makolamu ena awiri, ina ya ndalama yotsimikizidwa ndi ina ya dzina la woona ndi tsiku, ndipo nambala yomwe pulogalamu inatulutsa muikopere kumapeto isafufutidwe. Pa gulu la ndalama za anthu ambiri, zimenezi zimateteza mlembi ndi msungichuma yemwe, chifukwa aliyense akhoza kuona chomwe makina anawerenga, chomwe munthu anakonza, ndi amene anakonza. Ndingakondenso kuti woona asakhale yemwe anajambula lisitilo.

Musanalikhulupirire, liyeseni. Koperani tebulo la mwezi womwe munautsimikiza kale, mupatse mnzanu awononge mizere khumi inu osaona: itatu achulukitse ndi 100, iwiri ndi 10, itatu agawe ndi 10 kapena 1,000, umodzi aike K kutsogolo, ndipo umodzi asinthanitse manambala awiri oyandikana, 46,000 ikhale 64,000. Kenako onani kuti mwagwira ingati. Isanu ndi inayi yoyambayo iyenera kugwidwa. Ikazemba ina, kawirikawiri mudzapeza kuti dzina la katundu linalembedwa mwina, kapena kuti tebulo lapitirira mzere 500 pamene fomula inalekera pomwepo. Werenganinso mizere yabwino yomwe yalembedwa ONANI pachabe. Kwa ine, ikapitirira umodzi pa mizere 20 iliyonse ndiye kuti yachuluka, chifukwa munthu akatulutsa malisiti khumi m'bokosi n'kupeza onse ali bwino, la khumi ndi chimodzi sadzalitulutsa. Mankhwala ake si kukweza malire a onse, koma kugawa katundu wosakanikirana. Dzina ngati "mayendedwe" lomwe mukuikamo kabaza wa pa doko pamodzi ndi lole yopita ku Lilongwe lidzalira mwezi uliwonse mpaka mutalipatula pawiri.

Mzere wa khumi uja, wa 64,000, sugwidwa ndi funso lachitatu, ndipo suyenera kugwidwa. 64,000 kugawa ndi 44,000 ndi 1.45, mtengo woti ukhoza kuchitika. N'chimodzimodzi 6 akawerengedwa ngati 8, kapena 1 ngati 7, zomwe zimachitika kwambiri pa zolemba pamanja. Chenjezo la kukula kwa nambala limagwira zolakwika zikuluzikulu zokha. Lisiti likakhala ndi kuchuluka ndi mtengo, kolamu G izigwira zing'onozing'onozi. Likakhala lopanda, chotsala ndi njira ya akalaliki akale: musanajambule mulu wa malisiti a sabata, wonkhetsani ndi kakuleta kuchokera pa mapepala enieniwo, mulembe chiwonkhetso ndi chiwerengero cha malisiti pa kapepala pamwamba pa muluwo, kenako muyerekeze ndi SUM ya mizere yomweyo.

Ziwonkhetso ziwirizi zikasiyana, kusiyanako kumatha kukulozerani lisiti lake ngati cholakwika chili chimodzi. Nambala ikakula ka 100, kusiyana kumakhala nambala yoona kuchulukitsa ndi 99. Pa nkhani yanu, 4,600,000 kuchotsa 46,000 ndi 4,554,000, ndipo mukagawa ndi 99 mupeza 46,000 ndendende, ndiye mumangofufuza lisiti la ndalama imeneyo. Ikakula ka 10, gawani ndi 9. Manambala oyandikana akasinthana malo, kusiyana kumagawikanso ndi 9 popanda chotsala: 64,000 kuchotsa 46,000 ndi 18,000, kugawa ndi 9 ndi 2,000, ndipo 2 ameneyo ndi kusiyana kwa 6 ndi 4, manambala omwe asinthanawo. Zolakwika zikakhala ziwiri kapena zitatu m'mulu umodzi njirayi imasokonekera, n'chifukwa chake mulu wa sabata ndi wabwino kuposa wa mwezi.

Ku mbali ya kujambula, lisiti lijambulidwe tsiku lomwelo lisanafufutike, litayalidwa pa chinthu chakuda, pa mthunzi osati padzuwa, foni ili pamwamba pake osati chapambali. Potumiza pa WhatsApp sankhani Document m'malo mwa chithunzi wamba kuti lisafinyidwe. Ndipo pa malisiti omwe gulu limadzilembera lokha, monga ogulira nsomba kwa asodzi, gwirizanani kuti musamalembe matambala konse. Lembani K46,000 basi, kuchuluka ndi mtengo wa ndowa pambali pake, kuti kolamu G ikhale ndi chowerengera.